Kuzindikira nsapato zamasewero zenizeni poyang'ana zithunzi

Malonda ambiri a nsapato zamasewero m'boma la Mangochi masiku ano amayambira pafoni. Wogulitsa amaika zithunzi pa WhatsApp kapena pa Facebook, wogula ali ku Monkey Bay, ku Namwera kapena kwa Makanjira amasankha, ndipo ndalama imadutsa pa Airtel Money kapena pa Mpamba nsapatoyo isanakwere minibasi. Pamene wogula akuigwira m'manja koyamba, ndalama yake imakhala itapita kale. Umboni wokhawo umene amakhala nawo asanalipire ndi zithunzi, choncho funso ndi lakuti chithunzi chingaulule chiyani ndipo chingabise chiyani.

Yankho lake lili ndi malire amene ndi bwino kuwadziwiratu. Chithunzi chingathe kutsimikiza kuti nsapato ndi yachinyengo, koma sichingatsimikize kotheratu kuti ndi yeniyeni. Ntchito ya wogula ndi kufufuza pamene zinthu zikutsutsana, makamaka pakati pa lebulo ya pabokosi, lebulo ya m'kati mwa nsapato, zolemba za pachopondera cha m'kati ndi momwe guluu anaikidwira.

Kumene nsapatozi zimachokera

Nsapato zamasewero zimafika kunyanja kudzera m'njira zingapo. Zina zimatuluka m'mabelo a kaunjika, ndipo zimenezi sizibwera ndi bokosi. Zina amalonda amakaoda ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam. Koma njira imene Mangochi imadziwika nayo kwambiri ndi ya ku Joni, popeza achinyamata ambiri a m'bomali amagwira ntchito ku South Africa ndipo amatumiza katundu kumudzi pamabasi ndi pamalole.

Mawu akuti "yachokera ku Joni" amamveka ngati chitsimikizo, koma amangonena za ulendo umene nsapato yayenda. Mu Johannesburg muli masitolo ovomerezeka ogulitsa nsapato zenizeni, komanso muli malonda aakulu a katundu wachinyengo, moti mu Ogasiti 2019 apolisi kumeneko anachita chipikisheni chachikulu pakati pa mzindawo n'kulanda katundu wotere wochuluka. Mbale wotumiza nsapato akhoza kukhala kuti naye anapusitsidwa. Vutoli ndi la dziko lonse lapansi: lipoti limene bungwe la OECD linatulutsa mu 2019 pamodzi ndi ofesi ya EUIPO ya ku Ulaya linapeza kuti nsapato ndizo zinatsogola pa katundu wachinyengo wogwidwa m'zipata za maiko, ndi magawo 22 pa 100 alionse a mtengo wa katunduyo.

Nsapato imene nkhaniyi ikugwiritsa ntchito ngati chitsanzo ndi Nike Air Force 1 yoyera ya abambo, imene inatuluka koyamba mu 1982 ndipo ili m'gulu la nsapato zoberedwa kwambiri. Yatsopano ku America imagulitsidwa pa mtengo wopitirira madola 100. Pa mtengo wa kubanki wa pafupifupi K1,750 pa dola, umene unakhazikika mu 2024, ndalamayi ikuposa K175,000, osawerengera mayendedwe, msonkho ndi phindu la wogulitsa. Yatsopano ya m'bokosi ikamatsatsidwa pa theka la mtengo umenewu, mtengowo pawokha wayankha kale theka la funso.

Chithunzi chimene chingawerengeke

Musanayambe kuunika kulikonse pafunika zithunzi zooneka bwino. WhatsApp imachepetsa chithunzi pochitumiza, ndipo timalemba ting'onoting'ono ta palebulo timasungunuka n'kukhala ngati utsi. Wogulitsa akachitumiza posankha Document, kapena posindikiza HD imene inayamba kupezeka mu 2023, malembawo amafika ali owerengeka. Kujambula kuchitike panja pamthunzi masana. Dzuwa la Mangochi likaomba chikopa choyera limafafaniza chilichonse, ndipo kuwala kwa tochi ya foni kumanyezimiritsa m'mphepete mwa soli mpaka kuoneka ngati pali guluu pamene palibe.

Chinanso n'chakuti chithunzi chikhale cha nsapato imene ikugulitsidwayo. Ogulitsa ena amatsitsa zithunzi za nsapato yeniyeni pa intaneti, n'kudzatumiza ina. Njira yapafupi yotsekera mpata umenewu ndi kupempha kuti pambali pa nsapato aike kapepala kolembedwa pamanja tsiku lalero, ndipo m'chithunzi chimodzi muoneke bokosi ndi lebulo ya m'kati mwa nsapato pamodzi. Wogulitsa amene katundu wake ali naye m'manja sizimutengera mphindi zisanu.

Lebulo ya pabokosi

Kumbali imodzi yaifupi ya bokosi la Nike kumakhala chipepala chomatidwa chokhala ndi dzina la nsapato, mtundu wa utoto wake, saizi, nambala ya kapangidwe ndi bakhodi, kutanthauza mizere yakuda ija imene makina a m'sitolo amawerenga. Pa zonsezi, nambala ya kapangidwe ndiyo yofunika koposa. Imakhala ndi zilembo kapena manambala 6, kamzere, kenaka manambala ena 3. Gawo loyamba limatchula nsapato yake, ndipo lachiwiri limatchula utoto.

Air Force 1 yoyera ya abambo imene ili m'masitolo masiku ano nambala yake ndi CW2288-111. Yakuda yake ndi CW2288-001. Nambala yoyamba pambuyo pa kamzere imanena utoto waukulu wa nsapato: 1 ndi woyera, 0 ndi wakuda kapena wotuwa, 4 ndi wabuluu, 6 ndi wofiira. Motero bokosi lolembedwa CW2288-001 likatulutsa nsapato yoyera, bokosilo si lake. Nambalayi munthu angathenso kuilemba pa Google monga momwe ilili. Zithunzi zobwera ziyenera kukhala za nsapato yomweyo ndi utoto womwewo. Pa nsapato zachinyengo zotchipa, nambala ya palebulo kawirikawiri imatulutsa nsapato ina yosiyana kwambiri, kapena osatulutsa kalikonse, chifukwa fakitale imasindikiza lebulo imodzi n'kumata pa katundu wake yense.

Kampani ya Adidas imachita zofanana ndi zimenezi, kungoti nambala yake ndi yaifupi, ya zilembo ndi manambala 6 basi, ndipo palebulo ya m'kati imatsatira mawu akuti ART. Samba OG yoyera ya mizere yakuda, mwachitsanzo, ndi B75806.

Bakhodi ili ndi phunziro lake. Nambala yolembedwa pansi pa mizere ija imasintha malinga ndi saizi, chifukwa sitolo imayenera kudziwa kuti yagulitsa saizi iti. Wogulitsa akakhala ndi mabokosi angapo, wogula apemphe chithunzi cha mabokosi awiri a saizi zosiyana. Manambala a bakhodi akafanana pa UK 7 ndi pa UK 9, malebulowo sanachokere ku Nike. Kuyesa kumeneku n'kwamphamvu chifukwa sikudalira kuti munthu akhale ndi diso lozolowera.

Komabe bokosi ndi chinthu chopatukana ndi nsapato. Bokosi lenileni likhoza kunyamula nsapato yachinyengo, ndipo nsapato yeniyeni ikhoza kufika popanda bokosi, popeza otumiza katundu kuchokera ku Joni nthawi zambiri amataya mabokosi kuti katundu asachuluke. Bokosi lophwanyika kapena losowa si mlandu. Lebulo ya pabokosi imakhala ndi tanthauzo pokhapokha ikayerekezedwa ndi imene ili panyama ya nsapato.

Lebulo ya m'kati mwa nsapato

Iyi imapezeka kuseri kwa lilime kapena chakumbali m'kati mwa nsapato, ndipo n'kovuta kuichotsa osasiya chipsera. Pali zinthu zitatu zoti ziwerengedwe mosamala.

Choyamba, nambala ya kapangidwe ifanane ndi ya pabokosi chilembo ndi chilembo. Chachiwiri ndi mzere wa masaizi. Anthu kuno anazolowera saizi za UK, zimenenso zimagwira ntchito ku South Africa, ndipo ambiri amangoyang'ana nambala imodziyo. Koma manambala onse a pamzerewo ali ndi ubale wokhazikika. Pa nsapato ya Nike ya abambo, UK 8 imayenda ndi US 9, EUR 42.5 ndi masentimita 27. UK 7 imayenda ndi US 8, EUR 41 ndi masentimita 26, pamene UK 9 ndi US 10, EUR 44 ndi masentimita 28. Mafakitale ambiri a nsapato zachinyengo zotchipa amapanga saizi zathunthu zokha, 41, 42, 43, 44, n'kungodzaza manambala enawo mosasamala. Lebulo ya Nike ya abambo yonena kuti UK 8 ndi EUR 42 ikudzitsutsa yokha.

Apa m'pofunika kusamala, chifukwa makampani sawerenga mofanana. Kwa Adidas, UK 8 ndi 42 ndithu, ndipo UK 8.5 amailemba 42 2/3. Munthu wosadziwa akhoza kuona nambala yachilendo ngati imeneyi n'kuganiza kuti yalakwika, pamene ndi mmene kampaniyo imalembera. Saizi za amayi nazonso zili ndi mndandanda wakewake.

Chachitatu ndi masiku. Lebulo ya Nike imakhala ndi masiku awiri osonyeza nyengo imene gulu la nsapatozo linapangidwa, olembedwa mwa chimereka, kuyamba mwezi, kenaka tsiku, n'kumalizira chaka. Masikuwa amatalikirana ndi masabata kapena miyezi yochepa, ndipo ayenera kugwirizana ndi mbiri ya nsapatoyo. Air Force 1 yoyera inkadziwika kwa zaka zambiri ndi nambala ya 315122-111, ndipo CW2288-111 inalowa m'malo mwake cha m'ma 2020. Lebulo yonena CW2288-111 koma chaka n'kukhala 2016 ndi yabodza. Mbali inayi, nsapato ya pakaunjika yolembedwa 315122-111 ndi chaka cha 2017 ikugwirizana bwinobwino ndi mbiri yake.

Dzina la dziko limene lili palebulo silithandiza kwenikweni. Pali chikhulupiriro chakuti MADE IN CHINA ndi feki ndipo MADE IN VIETNAM ndi orijino. Zoona zake n'zakuti nsapato zenizeni za Nike zimapangidwa kwambiri ku Vietnam, ku Indonesia ndi ku China komweko, ndipo wopanga zachinyengo amatha kulemba dziko lililonse limene akudziwa kuti ogula amalikonda.

Chopondera cha m'kati

Chopondera ndi kasiponji kaja kamene phazi limagonapo m'kati mwa nsapato. Chakuchidendene kwake kumakhala chizindikiro cha kampani chodindidwa ndi moto. Pa nsapato yatsopano yeniyeni, m'mphepete mwa zilembo mumakhala mosalala, utoto umakhala wofanana ponseponse, ndipo chizindikirocho chimakhala pa malo ofanana pa phazi lamanja ndi lamanzere. Pa zachinyengo zotchipa zilembo zimanenepa kapena kuonda mosiyana, zimayandikana mpaka kugundana, ndipo nthawi zina chizindikiro chimapendekeka. Njira yabwino ndi kupempha chithunzi chimodzi cha nsapato zonse ziwiri chojambulidwa kuchokera pamwamba, zingwe zitamasulidwa, kuti mapazi awiriwo ayerekezedwe. Wogula aikenso pafupi chithunzi cha nsapato ya nambala yomweyo chochokera patsamba la kampani kapena la sitolo yodziwika, popeza chizindikirochi chimasintha malinga ndi mtundu wa nsapato ndi chaka.

Pa nsapato yovalidwa kale nkhani imatembenuka. Zolemba za pachopondera zimayamba kusendeka msanga ngakhale pa nsapato yeniyeni, chifukwa chidendene ndi thukuta zimazipala tsiku ndi tsiku, ndipo kumalo otentha ngati kunyanja zimatha mofulumira. Chizindikiro chofufutika ndi umboni wakuti nsapato inavalidwa, basi. Chokayikitsa ndi kusagwirizana: soli yakutha pansi koma chopondera chowala ngati chatsopano, kapena nsapato yotsatsidwa kuti sinavalidwepo koma zilembo zake zapita theka. Chopondera chimachoka mosavuta, ndipo pakaunjika si zachilendo kupeza cha nsapato ina chitalowetsedwa m'malo mwa chimene chinatayika.

Phindu lalikulu lili kunsi kwake. Chopondera chikatukulidwa pamaoneka nsalu ya pansi yosokereredwa ku chikopa cha m'mbali mozungulira. Pa nsapato zambiri zamasewero zenizeni ulusi umenewu umayenda motalikirana mofanana, wothina, wopanda malo odumphidwa. Zachinyengo zotchipa nthawi zambiri zimakhala ndi ulusi wotayirira ndi wotalikirana mosiyanasiyana, kapena chikatoni chongomatidwa popanda ulusi. Opanga zachinyengo amaika khama pa zimene wogula amaona msanga, ndipo malo obisikawa ndi amene amapulumutsirapo ndalama. Ngati chopondera chamatidwa molimba, asachikakamize kuchoka. Kutukula chakuchidendene pang'ono kumakwanira.

Guluu

Palibe chizindikiro chimene chimanamiza ogula ngati guluu. Ambiri amakhulupirira kuti nsapato yeniyeni sioneka guluu ngakhale pang'ono, ndipo pa chifukwa chimenechi ena akana nsapato zabwino n'kugula zachinyengo zooneka zaukhondo. Nsapato zenizeni zimapangidwa zochuluka zedi patsiku, ndipo soli amaimata ndi anthu ogwira ntchito mothamanga. Kamzere kopyapyala konyezimira pamwamba pa soli, kapena kadontho kamodzi koonekera, n'zofala ngakhale pa nsapato yogulidwa m'sitolo ya kampani.

Chofunika kuona ndi mtundu wa guluu ndi khalidwe lake. Wa kufakitale yovomerezeka amakhala woonekera mkati ngati madzi, wopyapyala, ndipo amatsatira mzere wa soli. Wokayikitsa ndi amene waunjikana mochindikala, wakwera kutali pachikopa, wasiya timinga touma kapena wapaka paulusi, makamaka ngati pambali pake pali mpata pamene soli sinagwire. Guluu wambiri pamodzi ndi mpata ndiye chizindikiro choipa, chifukwa zikusonyeza kuti soli sinapanikizidwe bwino kapena sinali yoyenerera chikopacho. Pa Air Force 1 soli imasokedwanso ndi ulusi mozungulira, ndipo ulusiwo uyenera kuyenda m'kanjira kake mosakhota. Malo abwino kujambula pafupi ndi kutsogolo kwa zala, pamene nsapato imapindika, ndi kumbuyo kwa chidendene.

Guluu wachikasu kapena wofiirira ali ndi matanthauzo awiri, ndipo onse sakhudza za chinyengo. Guluu wa kufakitale amasanduka wachikasu akakalamba, ndipo dzuwa ndi kutentha zimafulumizitsa zimenezi, moti nsapato yeniyeni imene yakhala miyezi pabenchi la pamsika wa pa Boma ikhoza kuonetsa mzere wachikasu m'mphepete. Tanthauzo lachiwiri ndi lakuti nsapato inadutsa kwa osoka nsapato. Guluu amene iwo amagwiritsa ntchito ndi wochindikala, wa maonekedwe a uchi, ndipo amapezeka pa malo amodzi okha pamene panamatuka. Nsapato yotere ikhoza kukhala yeniyeni, koma mtengo wake uyenera kutsika, ndipo wogulitsa sangaitchule kuti ndi yatsopano. Chizindikiro china chodziwika bwino, fungo lamphamvu la mankhwala limene zachinyengo zambiri zimatulutsa, chithunzi sichinganyamule.

Chitsanzo chotsatira ndondomeko yonse

Tayerekezani wogula wa ku Monkey Bay amene wapatsidwa Air Force 1 yoyera ya UK 8 ndi wogulitsa wa pa Boma, amene akuti ndi yatsopano yochokera ku Joni. Chithunzi choyamba ndi cha bokosi: dzina ndi AIR FORCE 1 '07, utoto ndi WHITE/WHITE, nambala ndi CW2288-111, ndipo saizi zikugwirizana, UK 8 ndi EUR 42.5. Palibe cholakwika. Chachiwiri ndi cha m'mphepete mwa soli, ndipo chikuonetsa kamzere kopyapyala konyezimira pafupi ndi zala. Wogula wosazolowera akanaimira pomwepa n'kukana, chikhalirecho guluu wotere sakunena kanthu. Chachitatu ndi cha zopondera, zimene zilembo zake zikuoneka bwino, kungoti cha kumanzere chakwera pang'ono kuposa cha kumanja. Izi n'zongokayikitsa chabe.

Chithunzi chachinayi, chimene wogulitsa anachedwa nacho, ndi cha lebulo ya m'kati. Nambala ndi CW2288-111 ndithu, koma mzere wa saizi ukuti US 9, UK 8, EUR 43, masentimita 27.5, ndipo chaka cha pamasiku ndi 2017. Apa pali zotsutsana ziwiri zosadalirana. Kwa Nike, EUR 43 ndi masentimita 27.5 zimayenda ndi UK 8.5, choncho lebulo ikusemphana ndi bokosi komanso ikudzitsutsa yokha. Chaka cha 2017 nacho chikutsogola nthawi imene nambala ya CW2288-111 inayamba kugwira ntchito. Bokosilo likhoza kukhala lenileni kapena lokopedwa mwaluso, koma nsapatoyo si ya Nike. Chigamulo chachokera pa manambala, ndipo guluu amene anaoneka poyamba sanathandizepo chilichonse.

Pamene zithunzi zimalephera

Zachinyengo zili ndi magiredi. Mzinda wa Putian m'chigawo cha Fujian ku China umadziwika ndi nsapato zokopa za giredi yapamwamba, zimene nambala, saizi, masiku ndi bakhodi zake zimakhala zolondola chifukwa zinatengedwa pa nsapato yeniyeni. Zotere zimadutsa kuunika konse kwafotokozedwa pamwambapa, ndipo ngakhale akatswiri amafuna kuzigwira m'manja, kuziyeza kulemera ndi kuzinunkhiza. Zimene zimadzaza misika yotchipa kawirikawiri ndi za giredi yapansi, ndipo zimenezo ndi zimene manambala amazigwira.

Zithunzi zikagwirizana paliponse, chotsala ndi risiti ya sitolo kumene nsapato inagulidwa, yokhala ndi dzina la nsapato ndi saizi zofanana ndi za pabokosi, komanso mgwirizano wolembedwa pa WhatsApp wakuti gawo lalikulu la ndalama lidzaperekedwa katundu akafika ndi kuonedwa. Uthenga umene wogulitsa walemba kuti nsapato ndi yeniyeni usafufutidwe. Lamulo loteteza ogula la 2003 limaletsa kunamiza wogula pa za katundu, ndipo bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, limalandira madandaulo otere. Dandaulo limakhala ndi poyambira ngati wogula wasunga zithunzi zimene anatumiziridwa, uthenga wa malonjezo ndi uthenga wotsimikiza kuti ndalama inatumizidwa pa nambala ya wogulitsayo.